Kufiira kutatu kwa m'dzira: zimene tochi yandiphunzitsa

Pa maphunziro a ulimi wa nkhuku amene ndikuchita kuno ku Zomba, mutu umene wandigwira mtima ndi wa kuunika mazira. Zida zake n'zochepa: tochi yowala bwino, chipinda cha mdima, ndi pensulo. Ndimazinga kumaso kwa tochi ndi chala chachikulu ndi cholozera kuti kuwala kusamwazike, kenako n'kukhazikapo dzira cha kumbali yaikulu ija, kumene kuli kampata ka mpweya. Mazira oyererako a nkhuku zachikuda amaoneka m'kati mosavuta, koma ofiirira a nkhuku za Mikolongwe amafuna mdima weniweni.

Ming'alu sivuta. Imawala ngati kamzere koyera ngakhale pa dzira limene masana limaoneka labwinobwino. Lotere musaikire thadzi, chifukwa tizilombo timalowera pamng'alupo, dzira n'kusukusa, mwinanso kuphulika n'kuipitsa anzake.

Chimene chimafuna diso ndi kufiira, pakuti kulipo kutatu. Koyamba ndi kadontho ka magazi m'dzira longoikiridwa kumene. Ambiri amati ndi mwanapiye, koma ayi: ndi kamtsempha kamene kanaphulika m'mimba mwa nkhuku dzira likupangika, ndipo kamapezeka ngakhale m'khola lopanda tambala. Dziralo n'lodyeka. Kufiira kwachiwiri n'kwa moyo, kwachitatu n'kwa imfa, ndipo ziwirizi ndinazisiyanitsa pa mazira 12 amene thadzi lathu linkafungatira.

Pa tsiku la 7 ndinawaunika usiku. Mazira 9 anali ndi kadontho kakuda pakati, mitsempha yofiira itatambalala mbali zonse ngati miyendo ya kangaude, ndipo ukadekha osagwedeza dzanja kadonthoko kamasuntha kokha. Awiri anali mbee, kuwala kukungodutsa. Lotsalalo linali ndi mzere umodzi wofiira wozungulira dzira lonse, wopanda nthambi. Apa ndiye kuti kamwanapiye kanayamba kukula n'kufa, magazi n'kukaunjikana m'mphepete. Limeneli ndinalichotsa pompo. Awiri oyera aja ndinangowalemba ndi pensulo, chifukwa chigoba chokhuthala chimatha kubisa mitsempha. Pa tsiku la 10 anali chimodzimodzi, kusonyeza kuti tambala sanagwirepo ntchito.

Pofika tsiku la 14 mbali yaikulu ya dzira lamoyo imakhala itada, kampata ka mpweya katakula. Tsiku la 18 likakwana lekani kuwagwiragwira, popeza mwanapiye amakhala akudzikonza kuti aswe pa tsiku la 21.

Nyengo yozizira ya Juni ndi Julayi, mphepo ya kuphiri ikamatsika, dzira limazizira msanga. Choncho ndimatenga atatuatatu ndi manja osamba ndi ouma, kuunika mwachangu, n'kubwezera pansi pa make ndisanatenge ena. Ngakhale lili ndi zitosi, dzira lofungatiridwa silitsukidwa, chifukwa madzi amachotsa kansalu kosaoneka kamene kamatseka timabowo ta chigoba.