Mmene ndimakonzera imelo yodandaula isanapite ku ofesi yoona za antchito

Imelo yodandaula ikafika m'manja mwanga kuti ndiikonze, ndimayamba ndi funso limodzi pa chiganizo chilichonse: kodi wa ku ofesi yoona za antchito angatsimikize izi popanda kundikhulupirira ine? Ngati angatsegule buku, kuona peyisilipi kapena kufunsa munthu amene analipo, chiganizocho chimatsala. Ngati akuyenera kulowa mumtima mwa munthu wina kuti adziwe ngati n'zoona, ndimachichotsa kapena kuchilemba mwina. Zina zonse zimene ndimachita pa imeloyo zimachokera pa funso limeneli.

Tiyerekeze kuti ndinu kalaliki wa nyumba yosungiramo katundu kuno ku Lusaka, chakumafakitale. Mwagwira ovataimu miyezi iwiri koma simunalipidwe. Zimene munalemba usiku mtima uli m'mwamba zikuti: "Kapitawo wathu amadana nane. Nthawi zonse amandibera ovataimu pomwe anzake apamtima amalipidwa. Ndi wakatangale ndipo aliyense akudziwa. Mukapanda kuchitapo kanthu ndikakumana nanu kukhoti." Maimelo otere m'maofesi ambiri muno amalembedwa m'Chingerezi, koma pano ndiika mawu ake m'chilankhulo chathu, pakuti kakonzedwe kake ndi komweko.

Sindiuza munthu kuti afufute zimenezi. Zikhale mu Drafts, bokosi la To lili lopanda dzina, kuopa kuti chala chingaterereke. Mkwiyowo uli ndi chifukwa chake, ndipo m'mawu amenewa ndi mmene ndimapezamo zoti ndifufuze.

Ndisanasinthe liwu ngakhale limodzi, ndimapempha ndondomeko ya kampani yoperekera madandaulo. Lamulo la Employment Code Act la 2019 limafuna kuti olemba ntchito akhale nayo, ndipo kawirikawiri imakhala m'buku la malamulo a antchito kapena m'pangano la yuniyoni. Ndimayang'anamo zinthu zitatu: dandaulo limayambira kwa ndani, pali fomu yapadera kapena imelo ikukwanira, ndipo pali masiku angati oti mudandaule ndi oti akuyankheni. M'makampani ambiri sitepe yoyamba ndi kapitawo wanu. Mukaidumpha osanena chifukwa, imelo imabwerera ndi yankho la mzere umodzi lakuti yambani mwakambirana ndi bwana wanu, basi sabata yapita.

Kenako ndimasonkhanitsa mapepala n'kuwerengera ndalama. Apa ndi pamene ndimakhalitsa, chifukwa dandaulo la malipiro lopanda chiwerengero silipatsa munthu chochita. Lamulo lomwelo limati maola a ntchito pa sabata ndi 48 kwa wantchito wamba, ndipo ola lililonse lopitirira pamenepo limalipidwa kamodzi ndi theka. Ntchito ya pa tsiku lopuma la sabata kapena pa holide ya boma, ngati tsikulo si limene mumagwira mwa masiku onse, imalipidwa kawiri. Mtengo wa ola umapezeka pogawa malipiro enieni a mwezi, osaphatikiza maalawansi, ndi 208. Alonda ali ndi kawerengedwe kawo, ndipo amene ali paudindo wa utsogoleri aone kaye kontrakiti yawo asanadandaule za ovataimu.

Tinene kuti malipiro anu enieni ndi K4,160. Ola limodzi ndi K20, ndiye ola la ovataimu ndi K30. Buku la pageti likusonyeza maola a ovataimu 22 mu Marichi ndi 18 mu Epulo, onse pamodzi 40, omwe ndi K1,200. Munabweranso Lamlungu pa 14 Epulo kudzawerenga katundu kwa maola 8, pa K40 ola lililonse, zomwe ndi K320. Zonse ndi K1,520, msonkho usanachotsedwe. Chiwerengero chimenechi chimalowa m'malo mwa mawu akuti "amandibera".

Tsopano ndimatenga ziganizo zija chimodzichimodzi. "Amadana nane" chimachoka chonse. Mwina n'zoona, koma palibe pepala limene lingasonyeze zimenezo, ndipo kapitawo akangoyankha kuti sadana ndi munthu, nkhani yathera pomwepo. "Nthawi zonse" ndimasintha kukhala miyezi iwiri yotchulidwa mayina. Mawu amenewa ndi oopsa kwa inu nomwe, chifukwa ngati mu Januwale munalipidwa ovataimu, peyisilipi imodzi yokha ikukwanira kusonyeza kuti munakokomeza, ndipo wowerenga amayamba kukayikira ndi zoona zomwe.

Za anzake apamtima ndimafunsa kuti mwaziona kapena mwazimva. Ngati simunaone peyisilipi ya munthu, musatchule dzina lake, mungamulowetse m'mavuto amene sanawapemphe. Nkhawayo ikhoza kutsala ngati pempho: "Ndikupempha kuti muone mmene ovataimu ya Lamlungu pa 14 Epulo inalipidwira kwa onse amene tinagwira tsikulo." Ofesiyo ili ndi mabuku a malipiro, ndipo ngati pali kukondera idzakuona yokha.

Liwu lakuti katangale ndi limene ndimalimbana nalo kwambiri, chifukwa anthu safuna kulisiya. Mukalilemba, mwatsegula nkhani yachiwiri yaikulu kuposa yoyamba. Ofesi iyenera kumva mbali ya kapitawo, mwina kukufunsani umboni wa katangaleyo, ndipo K1,520 yanu imadikira. Umboni ukasowa, malamulo a makampani ambiri amaona kuneneza mnzako zabodza ngati mlandu, ndiye amene anabwera kudzadandaula ndi amene amalandira kalata yoti afotokoze. Ngati mulidi ndi umboni wa katangale, imeneyo ndi nkhani ina yolemba payokha, ndi mapepala ake. Za khoti nazo ndimachotsa. Ufulu wopita kukhoti sutha chifukwa simunautchule, koma mukautchula m'kalata yoyamba, anthu amasiya kufuna kukonza vuto n'kuyamba kudziteteza.

Kapitawo sachoka m'imelo. Amatsala pamalo pamene anachita kapena kunena chinthu, ndi tsiku lake. Imelo yokonzedwa imamveka chonchi:

"Ndikupereka dandaulo motsatira ndondomeko ya kampani, pa nkhani ya ovataimu imene sinalipidwe. Mu Marichi ndinagwira maola a ovataimu 22, mu Epulo 18, ndiponso maola 8 Lamlungu pa 14 Epulo. Mapeyisilipi a miyezi iwiriyi sakusonyeza ovataimu. Mwa kuwerengera kwanga ndalamazi ndi K1,520. Pa 2 Epulo ndinauza kapitawo wanga pakamwa, ndipo anati aona. Pa 6 Meyi ndinawalembera uthenga wa pa foni, ndipo mpaka lero sindinalandire yankho. Ndikupempha kuti muone maolawa, ndalamazi zilipidwe pamodzi ndi malipiro a Meyi, ndipo ngati kuwerengera kwanu kukusiyana ndi kwanga mundifotokozere polemba. Ndili wokonzeka kukumana nanu. Ndaphatikiza mapeyisilipi awiri, ndandanda ya masiku ndi maola, ndi chithunzi cha uthenga wa pa 6 Meyi."

Onani kusiyana kwa "sindinalandire yankho" ndi "anandinyalanyaza". Choyamba ndi chimene mukudziwa. Chachiwiri chikunena za maganizo a munthu wina, amene akhoza kuyankha kuti anali patchuthi kapena anatumiza nkhaniyo ku ofesi ya akaunti. Mawu akuti "mwa kuwerengera kwanga" nawo ali ndi ntchito: mukapezeka kuti mwalakwitsa ndi maola awiri, dandaulo silikugwa, chiwerengero chokha ndicho chikusintha.

Pali chinthu chimodzi chimene anthu amafuna kubisa, ndipo ine ndimawaumiriza kuti achilembe. Makampani ambiri salipira ovataimu yopanda fomu yosainidwa ndi kapitawo. Ngati masiku ena munauzidwa pakamwa kuti mutsale ndipo fomu simunadzaze, nenani nokha: "Pa masiku asanu mwa amenewa ndinauzidwa pakamwa kuti nditsale ndipo fomu sinadzazidwe. Nthawi imene ndinatuluka ili m'buku la pageti." A ku ofesi adzazipeza ndithu. Akazipeza okha zimaoneka ngati munabisa, koma mukazitchula inu mwawasonyezanso kumene angakatsimikize.

Kufewetsa nako kuli ndi malire. Ndaona maimelo okonzedwa mpaka kutsala kupepesa kokhakokha, akuti pepani pokuvutitsani, mwina ndine ndalakwitsa, mukapeza mpata mudzaoneko. Imelo yotere imatengedwa ngati funso wamba, siilembedwa m'kaundula wa madandaulo, ndipo masiku oyankhira sayamba kuwerengedwa. N'chifukwa chake liwu lakuti dandaulo liyenera kukhala m'chiganizo choyamba ndiponso mu Subject, mwachitsanzo:

```
Formal grievance: unpaid overtime, March and April
```

Ulemu ukhalepo, moni kumayambiriro ndi zikomo kumapeto, koma kupepesa ayi. Ndipo dandaulo likakhala la kunyozedwa kapena kuchitidwa zachipongwe, kudekha sikutanthauza kubisa mawu oipawo. Alembeni ndendende mmene ananenedwera, tsiku, malo ndi amene analipo, ndi mmene zakhudzira ntchito kapena thanzi lanu. Chimene mumasiya ndi kumutcha munthuyo mayina.

Potumiza, mu To ndimaikamo ofesi kapena munthu amene ndondomeko yatchula. Mu Cc mukhoza kuikamo woimira yuniyoni ngati muli membala. Musaikemo dipatimenti yonse kapena bwana wamkulu wa kampani pa sitepe yoyamba, ndipo pewani Bcc yopita kwa anzanu, chifukwa mmodzi akangodina Reply All zonse zili poyera. Mapepala ophatikiza akhale anuanu, monga mapeyisilipi ndi mauthenga anu. Buku la pageti ndi la kampani, ndiye litchuleni ndi masiku ake m'malo molijambula mobisa. Ndimawerenganso imeloyo mokweza, ngati kuti kapitawo wakhala pamaso panga, pakuti mwina adzaiwerengadi. Liwu limene ndingachite nalo manyazi pamaso pake ndimalichotsa.

Mukatumiza, sindikizani imeloyo papepala n'kupempha kuti akudindireni tsiku lolandirira. Imelo ya kuntchito imatsekedwa tsiku limene mwachoka, ndiye kope la kunyumba ndi lofunika. Masiku a m'ndondomeko akatha osayankhidwa, yankhani pa imelo yomweyo ndi mizere iwiri, kutchula tsiku limene munatumiza ndi kufunsa pamene nkhani yafika. Mukaitanidwa ku msonkhano, funsani ngati mungabwere ndi mnzanu wa kuntchito kapena wa yuniyoni, ndipo mukatuluka lembani imelo yaifupi yonena zimene mwagwirizana.

Njira za m'kampani zikatha nkhani isanakonzeke, mukhoza kupita kwa ofisala wa zantchito wa boma, pansi pa unduna woona za ntchito, mutanyamula mapepala omwewa. Lamulo la 2019 lija silivomereza kuti kupereka dandaulo kukhale chifukwa chochotsera munthu ntchito. Nthambi ya Khoti Lalikulu yoweruza milandu ya ntchito imafuna kuti dandaulo lifike pasanathe masiku 90 kuchokera pamene njira zoyambirirazi zatha, choncho sungani bwino kalata kapena imelo yomaliza imene kampani yakuyankhani, yokhala ndi tsiku lake.