Kapu ya pa chithunzi chachitatu

Kwa miyezi ingapo, aliyense amene tasankhana naye pa apu yopezera chibwenzi ndinkamulembera mawu amodzimodzi: "Moni, muli bwanji?" Ambiri sankayankha. Oyankhawo ankati "Ndili bwino, kaya inu?" ndipo nkhani inkafera pomwepo. Zinkandipweteka, chifukwa ndinkafunadi munthu woti tidziwane bwino. Ndiye ndinakhala pansi n'kuyamba kufufuza pamene ndinkalakwitsa.

Moni si woipa, ndi ulemu. Vuto lake ndi loti pa apu amamusiyira wolandirayo ntchito yonse yopeza nkhani, komanso sasonyeza kuti mwawerenga zimene iye walemba. Mu 2009, a OkCupid anaunika mauthenga oyamba oposa 500,000 a pa webusayiti yawo yopezera zibwenzi. Anapeza kuti mauthenga oyamba ndi moni wamba ankayankhidwa mochepa, chimodzimodzinso oyamikira kukongola kwa thupi, pomwe osonyeza kuti wolembayo wawerenga pulofayilo ankayankhidwa kwambiri. Apu ya Hinge inachita kukonzedwa mwa njira yomweyi: mumasankha chithunzi chimodzi kapena yankho limodzi limene munthuyo wapereka pa mafunso a pa pulofayilo yake, n'kulembapo ndemanga.

Kudziwa zimenezi kunali kosavuta. Chimene chinanditengera nthawi ndi kusankha kanthu koyenera kutchula.

Tsiku lina ndinasankhana ndi mtsikana wa zithunzi zinayi. Pa choyamba akumwetulira, pa chachiwiri ali ndi anzake. Pa chachitatu wanyamula kapu yadothi yopendekera pang'ono, yokhala ndi mng'alu pamene chogwirira chalumikizana ndi kapuyo, zala zake zili dothi lokhalokha. Pansi analemba kuti, "Ndikuphunzira kuumba, zambiri zimasweka." Chachinayi anajambulitsa panja pa nyumba ina, nambala ya pachipata ikuoneka kumbuyo.

Ndinalemba katatu ndisanatumize. Poyamba ndinati, "Ndaona kuti mumakonda kuumba, ndi zabwino kwambiri." Nditawerenganso ndinaona kuti ndangomubwezera mawu ake omwe, ndipo yankho lake silingapitirire "Zikomo." Kachiwiri ndinaunjika mafunso: munayamba liti, mumaphunzira kuti, mumagulitsa? Unakhala ngati fomu yofunsira ntchito. Ndinachitanso manyazi ndi funso loti "kuti", chifukwa munthu amene sakukudziwani ali ndi chifukwa chomveka chobisira malo amene amapezekapezeka.

Umene ndinatumiza unali uwu: "Moni. Kapu ya pa chithunzi chachitatu yandikopa, makamaka mng'alu wa pa chogwirirapo. Inang'aluka pouma kapena pootcha? Sindinaumbepo, koma ndikuona ngati chogwirira ndiye chovuta kwambiri."

Moni ndinamusiya momwemo, kungoti sanakhalenso yekha. Funso ndi limodzi, loti angaliyankhe mosaganiza nthawi yaitali, komanso loti yankho lake akulidziwa ndi iye yekha. Chiganizo chomalizacho ndinachiika dala. Mumtima ndinkafuna kuoneka ngati wodziwa zoumba, koma bodza lotere limaululika pa uthenga wachiwiri, ndipo munthu amene akuphunzira chinthu amasangalala kufotokozera wina amene wavomera kuti sachidziwa.

Phunziro lalikulu linali pa kusiyana kwa kapu ija ndi nambala ya pachipata. Zonse ziwiri zili pa pulofayilo, ndipo kutchula chilichonse mwa izo kukanasonyeza kuti ndayang'anitsitsa. Koma kapu anaiika yekha kuti anthu aione, mpaka anailembera mawu. Nambala inangolowa m'chithunzi mwangozi. Ndikanalemba kuti ndazindikira dera limene amakhala, akanachita mantha, ndipo akanalondola kundibuloka. N'chimodzimodzi baji ya kuntchito, nambala ya galimoto, kapena zimene mwapeza pofufuza dzina lake pa intaneti. Masiku ano ndisanatumize ndimadzifunsa ngati kanthuko wakaonetsa mwadala. Kenako ndimayesa kuika dzina la munthu wina pa uthengawo. Ukamvekabe bwino, ndiye kuti sunakhudze mwini wake, ndimaufufuta.

Njirayi ili ndi malire ake. Ena salowanso pa apu, ena sanakopeke nanu basi, ndipo uthenga wokonzedwa bwino sukakamiza munthu kuyankha. Akakhala chete sindilembanso. Palinso mapulofayilo a nkhope yokhayokha opanda mawu. Pamenepo kufinya nkhani pa mtundu wa malaya kumamveka kokakamiza, choncho ndimangonena zoona kuti sindinapeze poyambira, n'kufunsa chinthu chimodzi chimene chamusangalatsa sabata imeneyo.

Mtsikana wa kapu uja anayankha madzulo ake. Anati inang'aluka pouma: chogwirira n'chopyapyala, chimauma msanga kuposa kapu, ndiye dothi likamakwinyika chimakoka pa cholumikizira. Aphunzitsi ake anamuuza kuti azifunditsa pulasitiki kuti zonse ziume pang'onopang'ono, koma tsiku limenelo anaiwala. Kenako anandifunsa chimene ine ndikuphunzira chomwe chimandikanikabe, ndipo tinacheza mpaka usiku.