Sabata ya mitambo pa doko la Msaka

Geni yanga ndi ya usipa. Ndimapikula pa doko la Msaka kuno ku Mangochi, kuumitsa kapena kukazinga, n'kukagulitsa ku Limbe. Sabata yathayi inali ya mdima, mwezi kulibe, ndiye usipa umabwera wambiri ku nyale za asiginala, asodzi omwe amakopa nsomba ndi kuwala usiku. Vuto linali kumwamba, mitambo ya Januwale.

Lolemba ndinafika pa doko 4 koloko m'mawa, tochi m'manja. Boti likangokocheza, funso langa loyamba kwa alovi, anyamata okoka ukonde, silikhala la mtengo. Ndimafunsa kuti, “Achimwene, uwu ndi wa khoka liti?” Chilimira, ukonde wogwirira usipa, amachiponya kangapo usiku umodzi. Usipa womwe anakoka pakati pa usiku umakhala pansi m'boti, wapanikizidwa ndi unzake, wakhala maola asanu kapena kuposa m'madzi ofunda, popanda ayisi. Wa mbandakucha ndi umene umakhala pamwamba. Choncho ndimapisa dzanja mpaka pansi pa ndowa n'kutapa wa kumeneko. Usipa wabwino umanyezimira, ndi wolimba, ndipo ukauika pa chala sugoneka mutu. Wotopa umafewa, maso achita mbuu, ndipo ukautsina pamimba pang'ono, mimba imang'ambika n'kukusiyira zakuda pa chala.

Tsikulo ndinatenga ndowa 6 za wa mbandakucha. Ndinautsuka m'madzi oyera, kutali ndi pamene anthu amachapira, n'kuuyanika pa thandala dzuwa lisanakwere. Poyanika ndimamwaza mopyapyala kuti nsomba isagone pa inzake, ndipo masana ndimautembenuza. Dzuwa linawala Lolemba ndi Lachiwiri lonse, ndipo pofika madzulo a Lachiwiri unali utauma, woyera, wothyoka bwino.

Lachitatu ndi pomwe ndinapsa. Boti lina linachedwa, linafika cha m'ma 7 koloko injini itawavuta panyanja. Mwini wake anatsitsa mtengo pafupifupi ndi theka. Ndinapisa dzanja, ndinamva ndithu kuti wapansi wafewa, koma mtima wa phindu unandikoka, ndipo ndinatenga ndowa 8. Mayi wina wachikulire yemwe timayanika moyandikana anandiyang'ana n'kunena kuti, “Mwana wanga, wayang'ana kumwamba koma?” Kuvuma kunali kutada kale.

Usipa wotere suyanikidwa wauwisi kukakhala mitambo. Ukachedwa kuuma, za m'mimba zimalowerera mu mnofu, umayamba kuwawa, ndipo ntchentche zimaikira mazira. Njira zinali ziwiri basi, kufutsa kapena kukazinga, ndipo zonse zimafuna nkhuni zomwe ndinalibe zokwanira.

Ndinaukhuthulira pa mkeka n'kuyamba kusankha. Wolimbako unakwana ndowa 3, ndipo uwu ndinaufutsa. Madzi a mchere amayenera kuwira kaye mu mgolo wodula, kenako umamiza usipa uli mu dengu kwa mphindi zochepa chabe, maso akangoyera umavuula. Ukachedwa umasanduka phala. Wofutsa umauma msanga, ngakhale ndi mphepo yokha, chifukwa kutentha kwaimitsa kuola. Ndowa zina 3 zinali zofewa koma mimba zisanaphulike. Ndinazikhetsa madzi pa thandala kwa ola limodzi, chifukwa usipa wonyowa umathovola mafuta n'kuwadetsa, kenako ndinakazinga m'chiwaya pang'onopang'ono, mafuta atatentha kwambiri. Ukathira wambiri nthawi imodzi mafuta amazizira, nsomba imamwa mafuta n'kumatirirana. Nkhuni zinatha, ndinachita kukongola mtolo kwa mayi aja.

Ndowa 2 zotsala zinali zophulika mimba. Ndinaziyanika choncho, mvula inagwa 2 koloko masana, ndinafunditsa pulasitiki, ndipo pansi pa pulasitikipo munachita thukuta. Lachinayi m'mawa ndinapeza mphutsi zikuyenda. Sindingapatse munthu chakudya chotero. Nditaumitsa, ndinagulitsa kwa woweta nkhuku pa mtengo wosafika ndi theka la umene ndinapikulira.

Lachinayi ndi Lachisanu sindinagule kalikonse, ngakhale usipa unali mbwee ndiponso wotchipa. Mathandala a anzanga anali odzaza ndi nsomba yosauma, fungo lili ponseponse.

Loweruka ndinapita ku Limbe. Wokazinga ndinauika m'madengu oyala mapepala utazizira kaye, chifukwa ukautsekera uli wofunda umachita nkhungu pa njira, ndipo ndi umene ndinayamba kugulitsa popeza sukhalitsa. Wouma wa Lolemba unatha msanga pa mtengo wabwino, wofutsa unatsatira. Nditachotsa za mafuta, nkhuni, mchere ndi thiransipoti, phindu lonse la sabatayi linachokera pa ndowa 6 za Lolemba. Ndowa 8 zotchipa zija zinangobweza mpamba wake, ndipo mtolo wa nkhuni wa mayi aja ndikabweza mawa.