Gasiketi ziwiri za ku Biwi

Chaka chino pagalaja pathu pafika anyamata atsopano atatu, ndipo ndawalembera kankhani aka chifukwa mndandanda wa mayina a zipangizo za injini umene ndinkaloweza ine sunandithandize. Mnyamata wa m'nkhanimu musamufunefune, ndi ine ndemwe.

Minibasi ina inabwera chokokedwa kuchokera ku Kawale, injini itatentha. Bwana anasolola chitsulo choyezera oyilo, n'kumuonetsa mnyamatayo.

"Iwe, ukuona chiyani?"

"Oyilo akuoneka ngati tiyi wamkaka, bwana."

"Ndiye kuti walowa madzi. Tsegula redieta, yazizira tsopano."

Ataliza injini, madzi a m'redieta anayamba kutulutsa thovu, kumbuyo kukufuka utsi woyera. Bwana anangoti gasiketi yapsa, thamangira ku Biwi ukagule. Mnyamata anapita, anabwerako ndi kalabala kopyapyala kozungulira ngati lamba. Galaja yonse inafa ndi phwete. Anali atagula gasiketi ya kava.

Bwana sanakalipe. Anamupatsa sipanala n'kumuuza kuti amasule kuyambira pamwamba, chilichonse chimene wachotsa azichitchula mokweza.

Choyamba ndi kava, chivundikiro cha pamwamba penipeni. Labala wake uja ntchito yake ndi kutsekera oyilo basi, akatha mumangoona injini ikunyowa m'mbali. Pansi pa kava pali hedi, mutu wa injini, mmene mumakhala mavalavu: ena amalowetsa mpweya, ena amatulutsa utsi. Mukanyamula hedi ndiye mwafika pa buloko, chimthupi cholemera chokhala ndi mabowo anayi otchedwa masilinda, mmene mapisitoni amakwera ndi kutsika.

Apa mnyamata anaima. Pakati pa hedi ndi buloko panagona chinthu chafulati, cholimba, chobooka mabowo anayi aakulu ndi timabowo tambiri m'mbali. Imeneyo ndiyo hedi gasiketi. Mabowo aakuluwo ndi a moto, tating'onoto tina ndi njira za madzi, tina ndi za oyilo. Zitatuzi zimadutsa moyandikana koma siziyenera kukumana. Bwana anamulozera pamene panapserera, pakati pa silinda yachitatu ndi kabowo ka madzi, ndi pena pamene panang'ambika kufika ku njira ya oyilo. Thovu lija, utsi uja ndi tiyi uja, zonse zinachokera pamenepo.

Ndikawerengera anyamatawa ndimaima pomwepa n'kuwafunsa kuti akanakhala iwo akanamuuza chiyani wogulitsa. Wina anati "hedi gasiketi", ndipo anakhoza theka lokha. Uyeneranso kutchula nambala ya injini yolembedwa pa buloko, pakuti minibasi zofanana kunja zimasiyana m'kati. Ine masiku ano ndimanyamula yakupsayo m'jumbo, ndikafika ku Biwi ndimaigoneka pamwamba pa yatsopano n'kuona ngati timabowo tonse tikugwirizana.