Chithunzi chimodzi, zojambula 24: chimene Seed, Sampling steps ndi CFG Scale zimasintha

Wophunzira akangoona kuti chojambula chatuluka choipa, dzanja limathamangira kusintha zinthu zitatu nthawi imodzi. Chotsatira chikakoma, sadziwa chimene chakonza. Zolemba izi ndi zoyesa kuthetsa chizolowezi chimenecho, pogwiritsa ntchito Stable Diffusion 1.5 ya mu 2022, modelo ya pakompyuta yopanga zithunzi potsatira mawu, pa tsamba la img2img, losinthira chithunzi chimene muli nacho kale, mu pulogalamu ya AUTOMATIC1111.

Tiyerekeze kuti tili ndi chithunzi cha mayi wogulitsa tomato pamsika waukulu wa Lilongwe, atavala chitenje cha maluwa, milu ya tomato ili patsogolo pake. Iwo avomera kuti chigwiritsidwe ntchito. Tikufuna zojambula 24 zooneka ngati zopenta ndi penti wa madzi, kuti tisankhepo chimodzi cha pakalenda. Chithunzi tachidula kukhala 512 x 512, kukula kumene modeloyi inaphunzitsidwira, ndipo mawu olamula ndi awa:

```
watercolor painting, market vendor, tomatoes
```

Makinawa sapenta pamwamba pa chithunzi chanu. Amayamba achiwononga dala pochithira timadontho tosokonekera, tonga timene timaoneka pa wailesi ya kanema ikapanda kugwira siteshoni. Kenako amachotsa timadonthoto pang'onopang'ono, akutsatira mawu amene mwalemba. Zinthu zitatu zija zonse zimagwira ntchito mkati mwa kuthira ndi kuchotsa kumeneku.

Seed ndi nambala imene imasankha kayalidwe ka timadontho toyambira. Simakometsa kapena kuipitsa chilichonse, ndipo palibe nambala yamwayi. Mukasiya pa -1, pulogalamu imasankha yokha nambala yatsopano nthawi iliyonse. Mukalemba 1000 n'kuika Batch count pa 24, imagwiritsa ntchito 1000, 1001, mpaka 1023. Pa chithunzi cha mayi uja, zimene zimasiyana ndi zing'onozing'ono: maluwa a pachitenje, kumene penti wayenderera, kaonekedwe ka anthu a kumbuyo, nthawi zina kuchuluka kwa tomato pamulu. Kakhalidwe kawo ndi malo a milu sizisuntha kwenikweni chifukwa chithunzi choyambirira chikuzigwira.

Cholakwika chofala n'choganiza kuti 1007 ndi 1008 ndi pachibale. Ayi ndithu. Manambala oyandikana amapereka timadontho tosagwirizana konse. Ngati 1007 yakusangalatsani ndipo mukufuna azibale ake enieni, chongani Extra pafupi ndi Seed, muike Variation strength yochepa ngati 0.1. Dziwaninso kuti nambala yomweyo imabweza chojambula chomwecho pokhapokha zina zonse zikhale chimodzimodzi. Mukasintha kukula kwa chithunzi, kayalidwe ka timadontho kamasintha konse, ndipo ngakhale pa kompyuta ya mnzanu zotsatira zikhoza kusiyanako.

Pa Sampling steps m'pamene ambiri amatayira nthawi. Nambalayi ndi maulendo amene makina amadutsa pochotsa timadontho. Akachepa kwambiri, chojambula chimatuluka chosapsa: nkhope yachimbuuzi, tomato osungunukirana, zala zosasiyanitsika. Akafika pakati pa 20 ndi 30, njira yochotsera timadontho, imene ndi Sampling method, ili DPM++ 2M Karras, chojambula chimakhala chakhazikika, ndipo kuwonjezera mpaka 80 kumangodya nthawi ndi mayunitsi a magetsi. Dzanja la zala zisanu ndi chimodzi silichira ndi masitepe ambiri. M'malo mwake sinthani Seed.

Koma pali msampha umene suoneka pa sikirini. Mu img2img, nambala imene mwalemba si imene makina amayenda. Pali chinthu chachinayi, Denoising strength, choyambira pa 0 kufika pa 1, chimene chimanena kuchuluka kwa timadontho tothiridwa pachithunzi. Masitepe enieni amakhala pafupifupi motere:

```
steps * strength
30 * 0.5 = 15
20 * 0.3 = 6
```

Ndiye munthu amene akufuna kuti nkhope ya mayi uja isasinthe amatsitsa Denoising strength kufika pa 0.3, n'kusiya masitepe pa 20, osadziwa kuti makina ayenda kasanu ndi kamodzi basi. Chojambula chikatuluka chosalongosoka amadzudzula mawu ake olamula, chikhalirecho mawuwo alibe mlandu. Mukatsitsa Denoising strength, kwezani masitepe. Ndipo funso loti kodi mayi uja akuzindikirikabe limayankhidwa ndi Denoising strength yomweyi, osati zitatu zija. Pa 0.3 chimakhala chithunzi chomwe chija chopakidwako utoto pang'ono. Cha pa 0.5 penti wa madzi amaoneka bwino, munthu akadali yemweyo ngakhale nkhope yayamba kusuntha. Pa 0.75 mumapeza mayi wina amene abale ake sangamudziwe.

Onaninso Sampling method musanayerekeze masitepe. Euler a imathiranso timadontho tatsopano pa sitepe iliyonse, motero chojambula cha masitepe 20 ndi cha 40 zimasiyana ndithu ngakhale Seed ikhale imodzi. Sichikhazikika, chimangosinthasintha. Poyesa, Euler wopanda chilembo a kapena DPM++ 2M Karras ndi amene amaonetsa zoona.

CFG Scale imanena mphamvu imene mawu anu akukokera chojambula. Pa sitepe iliyonse modelo imalosera kawiri, kamodzi ikuona mawu anu, ndiye cond, kenanso isakuwaona, kapena ikuona zimene mwalemba mu Negative prompt, malo olembamo zimene simukufuna, ndiye uncond. Kenako imatenga kusiyana kwa ziwirizo n'kukuchulukitsa:

```
uncond + cfg * (cond - uncond)
```

Mukaika 1 m'masamuwa, mbali yachiwiri imafafanizika yonse, n'chifukwa chake Negative prompt sigwira ntchito pa 1. Pulogalamuyi imayambira pa 7. Cha pa 3, mitundu imakhala yofewa ndipo mawu amatsatidwa mwaulesi. Mukapitirira 12 mpaka cha ku 15, chojambula chimapserera: tomato amafiira mopyola ngati pulasitiki, mithunzi imada bii, m'mphepete mwa zinthu mumakhala mizere yolimba, khungu la mayi limawala ngati lapakidwa vanishi. Izi n'zosemphana ndi penti wa madzi, amene kukoma kwake n'kufewa. Kwa ine, pa ntchito ngati iyi, 5 kapena 6 imaposa 7. Kukweza CFG Scale kumachititsanso kuti zojambula 24 zija zizifanana kwambiri, poti zonse zikukokedwera kumodzi, ndiye phindu losinthira Seed limachepa. Manambalawa ndi a modelo wamba ngati 1.5. SDXL Turbo ndi ena ofulumira amafuna masitepe ochepa kwambiri ndi CFG Scale ya cha pa 1, moti mukawapatsa 7 amawononga chojambula.

Dongosolo logwira ntchito limachokera pa zimenezi. Khomererani Seed pa 1000 kaye, mupeze Denoising strength imene ikusunga nkhope. Kenako tsegulani X/Y/Z plot pansi pa Script, muike CFG Scale pa 4, 6, 8, 12 mbali imodzi, masitepe 20, 30, 40 mbali inayo. Mupeza zojambula 12 patsamba limodzi, ndipo kusiyana kulikonse mudziwa mwini wake. Mukasankha, m'pamene mumasule Seed kuti 24 zija zituluke.

Za nthawi, tingoyerekeza kuti kompyuta yanu imatenga sekondi imodzi pa sitepe. Masitepe enieni 15 kuchulukitsa ndi zojambula 24 ndi masekondi 360, mphindi 6. Mukalemba 60 m'malo mwa 30, zikhala mphindi 12 pa zojambula zosasiyana kwenikweni, ndipo magetsi akathima pakati mudzadandaula. Zikatero manambala sanatayike: chojambula chilichonse chimene chinasungidwa kale ngati PNG chimakhala ndi manambala ake mkati, ndipo mukachikokera pa tsamba la PNG Info muona Seed imene munalekezera. Sungani fayilo yoyambirirayo pa kompyuta, chifukwa chithunzi chikatumizidwa pa WhatsApp mwachizolowezi chimapanikizidwa ndipo manambala aja amachoka.