Kubwereka maso pa chithunzi cha gulu: msoko udutse pati?

Kuphethira kumatenga pakati pa sekondi 0.1 ndi 0.4, ndipo munthu amaphethira pafupifupi ka 15 mpaka ka 20 pa mphindi. Pa gulu la anthu khumi ndi anayi, sizodabwitsa kuti chithunzi chimene aliyense wamwetulira bwino chimapezeka ndi mmodzi wotsinzina. Njira yokonzera ndi yodziwika: mumatenga nkhope ya munthuyo pa chithunzi china chimene munajambula nthawi yomweyo n'kuiika pa chabwinocho. Chimene ndaphunzira pa ntchitoyi n'chakuti kudula ndi kumata si kumene kumavuta. Zimene zimavuta ndi ziwiri: kugwirizanitsa zithunzizo pa munthu mmodziyo, ndi kusankha pamene msoko udutse, kutanthauza malire a pakati pa nkhope yobwerekayo ndi chithunzi chabwinocho.

Titenge chithunzi cha mapikiselo 6000 m'litali ndi 4000 m'lifupi, anthu ali m'mizere iwiri. Mayi wina wa mzere wakumbuyo waphethira, ndipo nkhope yake ndi ya mapikiselo pafupifupi 300 kuchoka tsaya lina kufika lina. Tili ndi zithunzi zina zitatu zojambulidwa motsatizana. Chobwerekako sichisankhidwa poona pamene mayiyo akuoneka bwino kwambiri. Chimasankhidwa poona pamene mutu wake wayang'ana mofanana ndi pa chithunzi chachikulu, chabwino chija chimene tikukonza. Yang'anani makutu: ngati pa chithunzi chachikulu khutu lamanzere likuoneka lonse koma pa chinacho likuoneka theka, ndiye kuti mutu unatembenuka. Mutu wopendekera paphewa mungauwongole pouzunguliza, ndipo mutu umene unasendera kutsogolo mungauchepetse. Koma mutu wotembenukira kumbali sukonzeka, chifukwa mphuno yabisa mbali ya tsaya imene pa chithunzi chachikulu ikuoneka, ndipo mapikiselo a mbaliyo palibe.

Musanaphatikize, zithunzi ziwirizo zikonzedwe mofanana. Ngati ndi mafayilo a RAW, zimene mwasintha pa kuwala ndi mtundu pa chimodzi zikopereni pa chinzake, makamaka White Balance, yomwe kamera ikasiyidwa kuti izisankha yokha imatha kusintha pakati pa zithunzi ziwiri zotsatizana. Kenako mu Photoshop tsegulani File > Scripts > Load Files into Stack, musankhe mafayilo awiriwo, n'kuchonga Attempt to Automatically Align Source Images. Chithunzi chachikulu chikhale leya yapansi, chobwerekacho pamwamba.

Apa pali msampha. Pulogalamu ikagwirizanitsa yokha, imatsatira zinthu zambiri zimene zikufanana pa chithunzi chonse, monga khoma, zenera ndi mitengo. Izi zimakonza kugwedezeka kwa dzanja la wojambula, koma anthu aja anasuntha aliyense payekha. Khoma lingagwirizane ndendende pomwe nkhope ya mayi uja yaphonya ndi mapikiselo 12. Choncho kugwirizanitsa kwa pulogalamu ndi poyambira chabe, kwenikweni kumachitika ndi dzanja.

Pa leya yapamwamba jambulani mzere wozungulira mutu wonse ndi Lasso Tool, musiye malo ambiri m'mbali, mapewa ndi pang'ono za kumbuyo zilowemo. Dinani Ctrl+J kuti chidutswacho chikhale pa leya yakeyake, ndipo leya yaikulu yobwereka ija muizimitse. Chidutswacho chisandutseni Smart Object musanachikhudze. Chifukwa chake n'chakuti kuzunguliza kapena kuchepetsa kulikonse kumawerengeranso mapikiselo, ndipo mukachita zimenezi kanayi kapena kasanu pa leya wamba maso amayamba kufuwa, pomwe Smart Object imawerengera kuchokera ku chithunzi choyambirira nthawi zonse.

Tsopano sinthani Blend Mode ya chidutswacho kukhala Difference. Pamene zithunzi ziwiri zikufanana pamada, pamene zasiyana pamawala. Nkhope yosagwirizana imaoneka ndi timizere towala m'mphepete mwa mphuno ndi chibwano. Ndi Move Tool, mabatani a mivi amasendeza ndi pikiselo imodzi, ndipo mukapanikiza Shift amasendeza ndi khumi. Musatsatire pakamwa, nsagwada kapena nsidze, chifukwa zimenezi zimayenda munthu akamaseka. Tsatirani malo amene sasuntha ngakhale munthu atsinzine: ngodya zamkati za maso, pafupi ndi mphuno, ndi fupa la pakati pa mphuno.

Njira yosavuta ndi iyi. Gwirizanitsani ngodya yamkati ya diso limodzi kaye. Dinani Ctrl+T, ndipo kadontho kozungulirapo mukaike pa ngodya imeneyo podina pamalopo mutapanikiza Alt. Mukamazunguliza tsopano diso loyambalo silichoka pamalo pake, lachiwiri lokha ndi limene likubwera. Pa chitsanzo chathu mutu unapendeka ndi madigiri pafupifupi 2. Kukula kwake muyese ndi Ruler Tool: ngati pakati pa ngodya ziwirizo pali mapikiselo 92 pa chithunzi chachikulu ndi 95 pa chobwereka, mayiyo anaweramira kutsogolo pang'ono, ndipo chidutswacho chichepetsedwe kufika pa 97 peresenti, m'litali ndi m'lifupi mofanana. Kufinya mbali imodzi yokha kuti zikwanirane kumasintha maonekedwe a munthu, ndipo abale ake amazindikira msanga ngakhale sangathe kunena chimene chalakwika.

Musazimitse Difference nthawi yomweyo. Chithunzi chakudacho chikukuuzani pamene msoko ungadutse: paliponse pamene pada, nkhope ziwirizo zikufanana, ndipo mukhoza kuchoka pa ina kupita pa inzake wina osaona. Kawirikawiri pamada pachipumi, pafupa la mphuno ndi pamwamba pa masaya. Pamawala pa tsitsi, pa ndolo, pa kolala ndi paphewa la munthu wa kutsogolo. Kumbukirani malo akudawo, kenako mubwezere Blend Mode ku Normal.

Funso lalikulu ndi lakuti mubwereke zochuluka bwanji. Ine ndimaima pa mfundo yakuti zikhale zochepa, bola zikwanire. Maso okha ndi nsidze zake ndi amene amafunika ngati nkhope pa zithunzi zonse ziwiri ikumwetulira mofanana. Koma kumwetulira sikuthera pakamwa. Kumakweza masaya, kumakankhira chikope cha m'munsi m'mwamba, n'kupanga timakwinya kumapeto kwa diso. Mukaika maso a munthu amene sakuseka pamwamba pa pakamwa poseka, amaoneka ngati wadzidzimuka. Zikatero tengani nkhope yonse, kuyambira pachipumi kufika pachibwano, msoko uyende mkati pang'ono mwa mzere wa tsitsi ndi nsagwada. Mutu wonse ndi wobwereka pokhapokha ngati unatembenuka, ndipo ndi ntchito yaikulu, chifukwa msoko umatulukira kunja kwa munthuyo. Pamene mutu wakale unali koma watsopano palibe pamatsala khutu kapena tsitsi lakale, lomwe muyenera kuliphimba ndi khoma lochokera pa chithunzi chobwereka. N'chifukwa chake chidutswa chija tinachidula mosaumira.

Masiki ndi chophimba cha leya: pakuda imabisa, poyera imaonetsa. Dinani batani loika masiki mutapanikiza Alt, kuti masikiyo ibwere yakuda ndi kubisa chidutswa chonse. Tengani Brush Tool, mtundu woyera. Pa maso penipeni pentani ndi Opacity ya 100 peresenti. Ambiri amatsitsa Opacity poganiza kuti zisakanikirana bwino, koma chotsatira chake chikope chotseka cha pansi chimaonekera mkati mwa diso lotsegula, diso limaoneka ngati lili ndi ng'ala, ndipo nsidze zimakhala ziwiriziwiri. Kufewa kumafunika m'mphepete mokha. Pa nkhope ya mapikiselo 300, burashi ya mapikiselo 40 mpaka 60 yokhala ndi Hardness ya 0 imasakaniza bwino pakhungu losalala la chipumi ndi masaya. Pamene msoko wakumana ndi chinthu cha m'mphepete mooneka bwino, monga phewa la munthu wa kutsogolo, chepetsani burashi n'kukweza Hardness kufika cha m'ma 80, mutsatire m'mphepete mwa phewalo. Burashi yofewa pamenepo imasiya kamthunzi ka phewa lachiwiri. Batani la X limasinthanitsa choyera ndi chakuda mukapitirira malire, ndipo kudina masiki mutapanikiza Alt kumaionetsa yokha: pa maso payenera kuyera mbee, popanda timadontho totuwa.

Magalasi amasintha nkhani. Felemu yake ndi mzere wolimba, ndipo ikaphonya ndi mapikiselo awiri okha imaoneka yothyoka pamsoko. Pali njira ziwiri: kubwereka za mkati mwa galasi lililonse basi, msoko ubisale pansi pa felemu ya chithunzi chachikulu, kapena kubwereka magalasi onse mpaka ku makutu. Kudula felemu pakati sikuyenda.

Chatsala ndi kuwala. Ngati munajambula ndi fulashi motsatizana mwachangu, kuwala kwachiwiri kumatha kuchepa chifukwa fulashi inali isanadzaze mphamvu. Panja, mtambo umachita zomwezo. Maso a munthu amanyengeka pa kusiyana kochepa, choncho yesani ndi manambala. Ikani Color Sampler Tool pachipumi, Sample Size ikhale 11 by 11 Average kuti isawerenge pikiselo imodzi yokha, n'kumayatsa ndi kuzimitsa chidutswacho mukuyang'ana manambala pa kawindo ka Info. Tinene kuti chachikulu chikupereka R 142, G 98, B 76, ndipo chobwereka R 131, G 90, B 70. Manambala atatu onse atsika ndi pafupifupi 8 peresenti, kusonyeza kuti vuto ndi kuwala kokha, mtundu uli bwino. Ikani Curves pamwamba pa chidutswacho, dinani Ctrl+Alt+G kuti ikhudze leya imeneyo yokha, mukweze pakati pa mzere mpaka manambala ayandikane. Kukanakhala kuti B yokha ndi imene yasiyana kwambiri, mukanakonza mzere wa Blue paokha. Chimene Curves singakonze ndi kumene kuwala kukuchokera. Yang'anani kadontho kowala ka m'diso: ngati anthu onse ali nako kumtunda chakumanja koma pa maso obwerekawo kalibe, ndiye kuti fulashi sinayake pa chithunzicho, ndipo mithunzi ya pansi pa mphuno ndi chibwano siigwirizana. Sankhani chithunzi china.

Poyesa ntchito yanu, onani pa 100 peresenti kaye ngati khungu la chidutswa likufanana ndi lozungulira. Kuzunguliza kumasalaza timadontho ta kamera, ndipo chigamba chosalala pakati pa khungu la timadontho chimaoneka. Filter > Noise > Add Noise ya 1 kapena 2 peresenti, Gaussian ndi Monochromatic zitachongedwa, nthawi zambiri imakwanira. Kenako chepetsani chithunzi mpaka gulu lonse lioneke, chifukwa nkhope yowala kuposa khosi lake imaonekera patali osati pafupi. Yatsani ndi kuzimitsa leyayo mofulumira: maso okha ndi amene ayenera kutseguka ndi kutseka, ndipo mphuno kapena chipumi zikamalumpha, bwererani ku Difference. Sungani fayilo ya PSD ndi maleya ake musanatulutse JPEG, chifukwa mwiniwake wa nkhope akapempha maso a pa chithunzi china mudzangosintha chidutswa, masiki ili kale.