Sabata ya sitima yoduka mabuleki

Ntchito yanga kuno ku Joni ndi yothandiza ophunzira a chaka choyamba pa yunivesite ina, m'phunziro la filosofe. Mphunzitsi wamkulu amaphunzitsa gulu lonse muholo, ine ndimatenga timagulu ting'onoting'ono n'kumatafuna nawo zomwe amva. Sabata yathayi inali ya vuto la tirole. Si tirole ya m'sitolo ayi. Ndi kasitima ka mumsewu, konga timene tinkayenda mu mzinda uno mpaka mu 1961.

Lolemba ndinajambula njanji ya mphanda pabolodi. Sitima yaduka mabuleki, ikuthamangira anthu asanu amene akukonza njanji, ndipo alibe kothawira. Iwe waima pafupi ndi chitsulo chokhotetsera njanji. Ukachikoka, sitima ilowera kunthambi ina kumene kuli munthu mmodzi. Ukoka kapena ayi? Mwa ophunzira 24, anakweza manja 19 kuti akoka. Mnyamata wina anati iye angokuwa kuti anthuwo athawe. Chaka chilichonse pamakhala mmodzi wotero, ndipo ndimamuuza kuti nkhaniyi anaitseka makomo dala, kuti patsale funso limodzi lokha.

Anaiyambitsa ndi mayi wa ku Mangalande, Philippa Foot, mu 1967, koma kwa iye wosankhayo anali woyendetsa sitima. Judith Jarvis Thomson wa ku Amereka ndiye anaipatsa dzina mu 1976, ndipo mu 1985 anaikapo munthu wongodutsa uja woima pachitsulo.

Lachiwiri ndinangochonga mapepala. Cholakwa chinali chimodzimodzi pafupifupi paliponse, chokhudza Immanuel Kant, woganiza wa ku Jeremani amene ankaika udindo patsogolo pa zotsatira: "otsatira Kant sawerenga anthu." Ndinalemba "ayi" ndi cholembera chofiira mpaka dzanja kuwawa.

Lachitatu ndi pamene kalasi imatentha. Sitima ndi yomweyo, asanu ndi omwewo, koma tsopano uli pamlatho wodutsa pamwamba pa njanji. Pambali pako pali munthu wamkulu thupi, woti atagwera panjanji sitima ikhoza kuima. Iwe ndi wochepa, kudumpha wekha sikungathandize. Umukankha? Manja atatu okha. Ndinawafunsa 16 amene anasintha aja kuti chasintha n'chiyani, poti masamu ake ndi omwe aja, kufa mmodzi n'kupulumuka asanu. Kalasi inangoti zii.

Apa ndi pamene magulu awiri a anthu oganiza amasiyanira. Oyang'ana zotsatira, a mzere wa Jeremy Bentham ndi John Stuart Mill, amati chabwino ndi chimene chisiya dziko ndi mavuto ochepa. Kwa iwo chitsulo ndi mlatho ndi nkhani imodzi, bola maliro amodzi kusiyana ndi maliro asanu. Ndipo kupinda manja sikukuchotsa pamlandu: ngati unali ndi mphamvu yopulumutsa anayi owonjezera n'kuwasiya, unasankha ndithu. Kunyansidwa kumene umamva poganiza zokankha munthu amati n'kwabwino pa moyo wa tsiku ndi tsiku, koma pano kukungokusocheretsa.

Oyang'ana udindo safunsa kaye kuti dziko litsala bwanji. Amafunsa kuti ine ndikumuchita chiyani munthuyu. Immanuel Kant analemba mu 1785 kuti munthu asamagwiritsidwe ntchito ngati chida chabe. Wapamlatho uja ukumusandutsa mwala wotsekera gudumu. Foot naye anasiyanitsa maudindo awiri: wosavulaza mnzako ndi wothandiza mnzako, nati woyambawo ndi wolemera kuposa wachiwiri. Woyendetsa sitima apha ndithu kulikonse kumene alowere, ndiye aphe ochepa. Koma wapamlatho akusankha pakati pa kupha mmodzi ndi kulephera kuthandiza asanu. Mwaona, kuwerenga amawerenga, koma amayamba aona ngati zowerengedwazo zili za mtundu umodzi.

Muyeso umene ndimawapatsa ophunzira ndi uwu. Yerekeza kuti mmodzi uja wapulumuka mozizwitsa. Pachitsulo, akadumpha n'kuchoka panjanji, uvina ndi chimwemwe, poti onse asanu ndi mmodzi ali moyo. Imfa yake sunkaifuna, unangoiona ikubwera. Pamlatho, akagwera pambali n'kudzuka bwinobwino, pulani yako yafa ndipo asanu aja apita. Unkafunika kuti sitima imugunde. Kusiyanitsa chimene ukufuna ndi chimene ukungochioneratu ndi ganizo lakale, mizu yake imafika kwa Thomas Aquinas m'zaka za m'ma 1200.

Lachinayi ndinaweruka mochedwa. Pageti pamalondera bambo wina wa kwathu, wa ku Balaka, amene bambo ake ankagwira ntchito ya njanji pa Nkaya. Timakonda kucheza ndikamadikira kuti mzere wa matakisi a ku Rosettenville uchepe. Ndinawafotokozera zonse.

"Aphunzitsi, chitsulocho ndi ntchito ya ndani?" anafunsa.

Ndinati ya munthu wongodutsa.

"Ndiye wamupatsa ndani mphamvu yoti uyu afe, awa akhale? Akanakhala wolembedwa ntchito ndikanamva. Koma munthu wapanjira?"

Ndinaseka, chifukwa Thomson mwini wake anafika pomwepo. Mu 2008 anasintha maganizo, nalemba kuti wongodutsayo sayenera kukhotetsa sitima. Mfundo yake inali yakuti, pakanakhala nthambi yachitatu yolunjika kwa iwe mwini, ambiri sitikanaikhotetsera kwa ife. Nanga bwanji ukumulipiritsa mlendo mtengo umene iwe ukuukana?

Kenako ndinawayesa ndi ya dokotala: odwala asanu akufuna ziwalo zosiyanasiyana, ndipo pabwera munthu wathanzi kudzangopimitsa. Amuphe kuti apulumutse asanu? Bambowo anagwira pakamwa. "Zikatero ndani angapondenso kuchipatala? Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe." Iwo ankaona ngati akutsutsa a zotsatira, koma yankho limenelo ndi la a zotsatira enieni. Ambiri mwa a zotsatira amakana kuti dokotala aphe, chifukwa anthu akasiya kukhulupirira chipatala adzafa ochuluka kuposa asanu. Wa udindo amati chifukwa chimenecho n'cholakwika ngakhale yankho lili lolondola: munthuyo walakwiridwa ngakhale nkhani itabisika mpaka kalekale. Ine pamenepa ndimatsamira kwa a udindo, ngakhale m'kalasi sindinena.

Lachisanu ndinawononga muyeso wanga womwe, monga ndimachitira chaka chilichonse. Thomson anajambulanso njanji ina: nthambi ija imazungulira n'kubwereranso kwa asanu aja kuchokera kumbuyo. Ukakhotetsa, chopulumutsa asanuwo ndi thupi la mmodzi uja, loimitsa sitima. Atachokapo, sitima izungulira n'kuwapha. Ndiye ukumugwiritsa ntchito ngati wapamlatho, komabe ophunzira 14 anati akoka chitsulo. Kodi kachidutswa ka njanji kowonjezerako kangasandutse chololedwa kukhala choletsedwa? Mtsikana wina wofatsa, amene sanayankhulepo sabata yonse, anati mwina chimene chimatiletsa pamlatho si mfundo ayi, koma kukhudza munthu ndi manja. Ndinamuuza kuti Joshua Greene ndi anzake anafufuza zofanana ndi zimenezo mu 2001 pojambula ubongo wa anthu akuyankha mafunso otere, napeza kuti nkhani zonga ya pamlatho zimadzutsa kwambiri mbali zokhudza mmene munthu akumvera mumtima. Koma kudziwa kumene kunyansidwa kumachokera sikutiuza ngati kukunena zoona. Wa zotsatira amati ndi umboni woti tikunyalanyaze, wa udindo amati mtima waona chimene masamu aphonya.

Nthawi inatha tisanamalize. Potuluka pageti bambo aja anandiimitsa, akuti anagona nayo nkhani ija.

"Aphunzitsi, nanga mmodziyo akakhala mwana wa mlongo wanu?"

Ndinawauza kuti limenelo ndi phunziro la sabata yamawa, ndipo ndawapempha kuti ndikaligwiritse ntchito Lolemba.